Ndalama zooneka koma zosatapika: nkhani ya cheke cha soya ku Kasungu

Ndimalemba mabuku a ndalama a amalonda angapo pano pa Kasungu boma. Wina ali ndi hadiweya, wina chigayo, ndipo wina ndi bambo amene amagula soya ndi mtedza kwa alimi a cha ku Chamama n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Nkhani ino ndi ya bambo a soyawa, ndipo anandilola kuti ndiifotokoze. Dzina lawo, la banki yawo ndi la kampani imene inawapatsa cheke sinditchula. Manambala ndi masiku okha ndawalemba monga momwe alili m'buku langa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Dandaulo

Anandiimbira Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, ine ndisanamwe n'komwe tiyi. "Achemwali, tabwerani msanga kuno kushedi. Mwana uyu wandilowa m'thumba."

Mwana amene ankanenayo ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene amawathandiza pasikelo. Dzulo lake, Lachisanu, iwo anali kumudzi kukatenga katundu, ndiye anamutuma zinthu ziwiri. Choyamba chinali kukaika kubanki cheke cha K2,850,000 chochokera ku kampani imene inagula matumba 60 a soya, la makilogalamu 50 lililonse, pa mtengo wa K950 pa kilogalamu. Chachiwiri chinali kukagula matumba opanda kanthu ndi ulusi wosokera pa shopu ina ya zipangizo za ulimi, ndipo anam'patsa khadi la banki ndi pini yomwe. Zopatsana pinizi ndinawadzudzula nazo pambuyo pake, koma si nkhani ya lero.

Loweruka m'mawa bambowo anafuna kutumiza K450,000 kwa mwini lole kudzera pafoni. Foni inayankha kuti `Insufficient funds`, kutanthauza kuti ndalama sizikukwana. Anayesanso, yankho lomwelo. Atayang'ana balansi anapeza mizere iwiri:

```
Ledger Balance:    MWK 3,490,000.00
Available Balance: MWK   270,000.00
```

Ndinawapeza atakhala pathumba la soya foni ili m'manja, mnyamata ataima pakhomo la shedi ngati wogwidwa ndi nkhuku. Bambowo anali ataweruza kale. Lachinayi madzulo mu akaunti munali K640,000, matumba ndi ulusi zinali za K185,000, choncho ngakhale munthu ataiwala za cheke, panayenera kutsala K455,000. Iwo akuona K270,000. "Nanga K185,000 inayo yapita kuti? Ndipo za cheke zija, bwanji akundionetsa koma osandipatsa?" Mnyamata ankangobwereza mawu amodzi: "Amalume, makina anakana koyamba, ndinaswayipanso. Malisiti ndi awa."

Alimi asanu ndi atatu anali atauzidwa kale kuti Lolemba adzalandira ndalama za soya amene anatengedwa pangongole.

Mizere iwiri ija

Ndinayamba ndi kuwafotokozera kuti manambala awiriwa onse ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Ndinawakumbutsa za shedi yawo yomwe. M'kope lawo mukhoza kulembedwa matumba 200, ndipo matumbawo alipodi. Koma ngati 60 sanapimidwe chinyontho ndipo 20 wina walipira kale kungoti sanadzatenge, munthu akabwera kuti agule, mudzamuuza kuti alipo 120. Kope silinaname, ndipo inunso simunaname.

Mzere woyamba, `Ledger Balance`, ndi ndalama za m'buku la banki. Ndi zotsala banki ikaphatikiza ndi kuchotsera zonse zimene zalembedwa kale mu akaunti, ndipo ndi nambala imene imayenda mmunsi mwa sitetimenti. Mabanki ena amailemba `Current Balance` kapena `Book Balance`, ndipo mawu oti `Current` amenewa ndi amene amasokoneza anthu ambiri, chifukwa munthu amaganiza kuti ndi zimene ali nazo panopa. Mzere wachiwiri, `Available Balance`, ndi ndalama zotapika, zimene banki ingalole kuti zituluke mphindi ino pa ATM, pakauntala, pafoni kapena pakhadi. Banki imaipeza potenga za m'buku n'kuchotsa chilichonse chimene chagwidwa.

Cheke ndi khadi zimatsegula mpata pakati pa mizere iwiriyi, koma zimautsegula kuchokera mbali zosiyana. Cheke chikaikidwa, mzere wa m'buku umakwera pomwepo, wa zotapika umatsala pansi kudikira. Khadi likaswayipidwa, mzere wa zotapika umatsika pomwepo, wa m'buku umatsala pamwamba kudikira. Bambowa zinawagwera zonse ziwiri masana amodzi, n'chifukwa chake mpata unakula chonchi.

Ntchito yanga yoyamba pa nkhani ngati iyi simakhala kufunsa kuti ndani walakwa. Ndimachotsera nambala yaing'ono ku yaikulu, kenako n'kufunafuna mapepala amene akakwanitse chotsalacho. K3,490,000 kuchotsa K270,000 yatsala K3,220,000. Pa kasilipi ka kubanki panali K2,850,000. Kuchotsa imeneyo, kwatsala K370,000. Mnyamata anali ndi timalisiti tiwiri ta pamakina a khadi, tonse ta K185,000, kena ka 15:41 kolembedwa `Declined`, kena ka 15:44 kolembedwa `Approved`. Kuphatikiza tiwiriti ndi K370,000 ndendende. Panalibe ngakhale tambala yosowa mwini.

Chinanso ndinawaonetsa pomwepo: K640,000 kuphatikiza K2,850,000 ndi K3,490,000, nambala yomwe ija ya pamwamba. Zikutanthauza kuti pofika Loweruka m'mawa palibe ndalama ina iliyonse imene inali itatuluka m'buku la banki. Mnyamata akanakhala kuti anapita pa ATM kukatapa K185,000, nthawi zambiri ikanaoneka pa mndandanda wa zomwe zachitika mu akaunti, ndi dzina la makinawo, ndipo mzere wa m'buku ukanatsika. Mndandandawo tinauona pafoni: chomaliza chinali cheke. Bambowo sanapepese nthawi yomweyo, koma anamuuza mnyamata kuti akhale pansi.

Za cheke

Cheke si ndalama. Ndi kalata imene mwini akaunti amalembera banki yake kuti ilipire wakutiwakuti ndalama zakutizakuti. Banki ya bambowa inalandira kalata yopita ku banki ina, ndipo iyo sidziwa ngati mu akaunti ya kampani ija muli ndalama, ngati siginecha ndi yoona, kapena ngati mwini wake sanaimitse chekecho. Imangolemba m'buku kuti talandira, ndiye mzere wa pamwamba umakwera, koma ndalama zonsezo imazigwira mpaka banki inayo ivomere. Pa sitetimenti kapena pa kompyuta ya kubanki ndalama zoterezi zimalembedwa `Uncleared effects` kapena `Uncleared funds`. Ife timangoti cheke sichinakhwime.

Masiku ano pepalalo silikwera basi kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Nthambi imalijambula, chithunzi n'kutumizidwa kudzera m'dongosolo limene mabanki amalipirirana, loyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Komabe banki ya wolemba cheke imapatsidwa nthawi yoti ichione n'kuchibweza ngati chili ndi vuto, ndipo nthawi imeneyo imawerengedwa ndi masiku ogwira ntchito okha. Loweruka, Lamulungu ndi matchuthi monga 14 Meyi kapena 6 Julaye salowa m'chiwerengero. Cheke cha banki yomweyo imene muli ndi akaunti chimafulumira, chifukwa banki imangosuzumira m'mabuku ake omwe.

Apa ndi pamene ine ndinaphonya. Pa akaunti ya bambowa ndinazolowera kuti cheke cha banki ina chimakhwima pakatha masiku awiri ogwira ntchito, ndiye ndinawerenga Lolemba, Lachiwiri, n'kuwauza molimba mtima kuti Lachiwiri atapa. Sindinayang'ane nthawi imene inadindidwa pa kasilipi. Mnyamata anafika pakauntala 14:40, macheke a tsikulo atatumizidwa kale, choncho chekecho chinalowa m'gulu la Lolemba. Titapita kubanki Lolemba, mayi wa patebulo lothandiza makasitomala anatiuza kuti tsiku limene kompyuta ikuonetsa ndi Lachitatu. Ndinali nditawatuma kale bambowo kukauza alimi kuti abwere Lachiwiri. Anabwereranso kukasintha, ndipo mafuta a njinga yamoto a ulendo wachiwiriwo ndinaona kuti ndi mlandu wanga.

Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense amene ndimamutuma ndi cheke kuti asachoke pakauntala asanafunse funso limodzi, loti chikhwima tsiku liti, ndipo alembe tsikulo kuseri kwa kasilipi.

Za khadi

Nkhani ya khadi ndi imene inanditengera nthawi, chifukwa munthu amavutika kumvetsa kuti makina angalembe kuti akana koma ndalama n'kugwidwa.

Khadi likalowa m'makina a mushopu ndipo pini yalembedwa, makinawo satenga ndalama ayi. Amatumiza funso. Funsolo limachoka pamakina kupita ku banki ya mwini shopu, n'kudutsa pa mlatho wolumikiza mabanki, umene kuno ndi National Switch kapena njira za Visa ndi Mastercard malinga ndi khadi, mpaka kukafika ku banki ya mwini khadi. Funso lake ndi loti, kodi munthu uyu ali nayo K185,000? Banki ikaona kuti ali nayo imayankha kuti inde, ndipo nthawi yomweyo imaigwira ndalamayo kuti asakaigwiritse ntchito kwina. Apa mzere wa zotapika watsika, wa m'buku sunasunthe. Yankho lija limabwerera njira yomweyo mpaka pamakina, lisiti n'kutuluka. Ndalama zenizeni zimasamuka pambuyo pake, shopu ikatseka malonda a pamakina a tsikulo ndipo banki yake yatumiza mndandanda wa zoti ilipidwe. Pamenepo m'pamene banki ya mwini khadi imalemba m'buku n'kumasula chogwira chija. Zikachitika Lachisanu madzulo, kawirikawiri zimakalembedwa sabata yotsatira, ngakhale pali makhadi ndi mabanki ena amene amalemba m'buku nthawi yomweyo.

Chimene chinachitika 15:41 n'chakuti funso linapita, banki inavomera ndi kugwira K185,000, koma yankho linafera m'njira. Mnyamata anati kamakina kanangozungulira nthawi yaitali, mtsikana wa mushopu mpaka anatuluka nako panja kufuna netiweki. Makina akadikira osamva kanthu amalemba kuti zakanika, ndipo amayenera kutumiza uthenga wina wouza banki kuti imasule ndalama zija. Nthawi zambiri uthengawu umafika, ndalama n'kubwerera pakangopita mphindi zochepa, mwini khadi osadziwa n'komwe. Tsikuli sunafike. Choncho banki inali itagwira K185,000 kawiri, pomwe shopu inkadziwa malonda amodzi okha.

Pali matenda awiri amene amafanana nkhope apa, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Oyamba ndi ndalama zogwidwa chabe: mzere wa zotapika watsika kawiri, koma pa sitetimenti malipirowo akuoneka kamodzi kapena sakuoneka n'komwe. Zimenezi zimamasuka zokha nthawi imene banki inaika ikakwana popanda shopu kudzazifuna, ndipo nthawiyo imasiyana, kwina masiku ochepa, kwina masabata. Achiwiri ndi kulipiritsidwa kawiri kwenikweni: pa sitetimenti pali mizere iwiri ya K185,000 ndipo za m'buku zatsika kawiri. Apa ndalama zapita ku banki ya shopu, ndipo kudikira sikuthandiza, pamafunika dandaulo lolemba kuti zibwezedwe. Loweruka lija sindikanatha kudziwa kuti tili ndi matenda ati, chifukwa palibe ngakhale imodzi imene inali italembedwa. Ndinawauza bambowo kuti tidikire Lolemba, koma asataye timalisiti.

Tisanabalalike ndinapita ndi mnyamata ku shopu ija. Bambowo ankafuna kukawauza kuti abweze K185,000 pamanja, ine ndinawaletsa. Shopu singabweze ndalama imene sinalandire, ndipo ikabweza pamanja kenako banki n'kumasulanso, mkangano umayambiranso kumbali inayo. Chimene ndinakapempha ndi kapepala kamene makina amatulutsa potseka tsiku. Mwini shopu, mayi wofatsa ndithu, anakafufuza m'kabati n'kukapeza. Pa malonda a Lachisanu K185,000 inalipo kamodzi, ya 15:44. Ndinakajambula pafoni.

Mmene sabata inayendera

Lolemba tisanafike n'komwe kubanki, bambowo anaimitsa njinga pamsewu wa M1 n'kundionetsa foni. "Aonjezanso! Achotsanso ina K185,000!" Mzere wa pamwamba unali utatsika kufika pa K3,305,000. Ndinawauza kuti ayang'ane wapansi. Unali pomwe paja, K270,000. Malipiro enieni a matumba anali atalembedwa m'buku, ndipo popeza ndalamayo inali itachotsedwa kale ku zotapika Lachisanu, sinachotsedwenso. Mpata tsopano unali K3,035,000, kutanthauza cheke ndi K185,000 imodzi. Inalembedwa imodzi yokha, ndiye ndinayamba kukhulupirira kuti tili ndi matenda oyamba aja.

Kubanki ndinalowa nawo limodzi, chifukwa banki siuza munthu wapadera za akaunti ya wina, ngakhale akhale wolemba mabuku ake. Tinapempha zinthu ziwiri. Sitetimenti ya sabatayo, ndi mndandanda wa ndalama zogwidwa. Chachiwirichi anthu ambiri sachidziwa. Sitetimenti imaonetsa zolembedwa m'buku zokha, ndiye munthu akhoza kuiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi osapeza chimene chadya ndalama zake. Zogwidwa zimakhala pa tsamba lina pakompyuta ya banki, ndipo mayi uja atalitsegula panali mizere iwiri: cheke cha K2,850,000 ndi khadi K185,000 ya Lachisanu 15:41. Bambowo anadzaza fomu ya dandaulo la khadi. Tinalembapo tsiku, nthawi, ndalama, dzina la shopu ndi nambala ya malipiro imene pa lisiti imalembedwa `RRN`, n'kuphatikizapo fotokope ya timalisiti tiwiri tija ndi kapepala kotseka tsiku. Ndinaonetsetsa kuti atipatse nambala ya dandaulolo.

Lachitatu m'mawa, tsiku loti cheke chikhwime, foni inaonetsa izi:

```
Ledger Balance:    MWK 455,000.00
Available Balance: MWK 270,000.00
```

Cheke chinabwerera. Akaunti ya kampani ija imafuna anthu awiri kusayina, ndipo pa chekecho panali siginecha imodzi. Bambowo anakwiya ndi wa pakauntala kuti analandiriranji cheke chosakwana, koma ine sindinawavomereze. Wa pakauntala amaona zimene zili pankhope pa cheke: tsiku, dzina la wolipidwa, ngati mawu ndi manambala zikugwirizana, ngati sichinapitirire miyezi isanu ndi umodzi, ngati pali siginecha. Zoti akaunti ya ku banki ina imasayinidwa ndi anthu angati, amadziwa ndi banki inayo basi. Mnyamata nayenso sakanadziwa, ine sindikanadziwa.

Chimene ndinawaonetsa m'mawa umenewo n'chakuti mzere wa pansi sunagwedezeke. K2,850,000 inafufutidwa m'buku, koma m'manja mwawo simunachoke kanthu, chifukwa sinalowemo chiyambire. Banki ikanakhala kuti inawalola kutapa Loweruka lija, n'kulipira lole K450,000 ndi alimi ndalama zawo, Lachitatu akanadzuka ali ndi ngongole ya mamiliyoni kubanki, ya chiwongola dzanja. Nambala ya K455,000 anaizindikira okha. Ndi ija anawerengera pamtima Loweruka atakhala pathumba.

Kuno kwathu vuto la siginecha ndi laling'ono. Cheke chikabwerera ndi mawu oti `Refer to drawer`, amene kwenikweni amatanthauza kuti kafunseni mwini wake, kawirikawiri ndiye kuti mu akaunti mulibe ndalama zokwanira, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofuna kulimba mtima. Mpata womwewu ndi umene akathyali amadyerapo nthawi ya zokolola: munthu amaika cheke chopanda ndalama mu akaunti yanu Lachisanu masana, n'kukuuzani kuti onani balansi, inu mukuona mzere wa pamwamba wakwera, lole n'kunyamuka ndi katundu. Pofika Lachitatu foni yake yazima. Kampani ya bambowa sinali yotero. Anaimba, a kumeneko anapepesa kuti wosayina wachiwiri anali kumaliro, ndipo tinagwirizana kuti asalembenso cheke china koma atumize kuchokera ku banki yawo kupita mu akaunti mwachindunji.

Inenso ndinali ndi chokonza m'buku langa. Loweruka lija, nditaona kasilipi, ndinalemba kuti kampani yalipira n'kutseka ngongole yake. Ndinayenera kuitsegulanso. Tsopano cheke chosakhwima ndimachilemba pa tsamba lakelake, ndipo ngongole ya wogula imakhala yotsegula mpaka ndalamayo ioneke pa mzere wa zotapika.

Lachinayi masana ndalama zinalowa, ndipo ulendo uno mizere yonse iwiri inakwera limodzi: za m'buku K3,305,000, zotapika K3,120,000. Ndalama yotumizidwa mwanjira imeneyi imafika banki yotumiza itaichotsa kale kwa mwini wake, ndiye palibe chodikira. Mwini lole analipidwa tsiku lomwelo, alimi Lachisanu, atachedwa masiku anayi. Mmodzi wa iwo ananena poyera kuti chaka chamawa soya wake apita kwa vendala wolipira pompopompo, ndipo sindikumunena.

Mpata wa K185,000 unakhalabe. Chilichonse chimene bambowo ankalipira chinkatsitsa mizere yonse iwiri, koma kusiyana kwake kunali komweko tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkakulemba m'mawa uliwonse. Unatsekeka Lachiwiri la sabata yotsatira, patatha masiku 11 chiswayipireni. Pa sitetimenti sipanaoneke mzere uliwonse wa ndalama yobwezedwa, ndipo bambowo anaufunafuna mpaka kukayikiranso. Sungaoneke, chifukwa ndalamayo sinatuluke m'buku. Chizindikiro chokha n'chakuti manambala awiri aja anafanana.

Pomwe mzere wa zotapika nawonso umanamiza

Nkhaniyi itatha bambowo anatenga lamulo loti azingoyang'ana mzere wa pansi. Ndi lamulo labwino kuposa lakale, koma ndinawachenjeza kuti nalonso lili ndi mabowo.

Bowo lalikulu ndi cheke chimene iwo eni alemba. Akapatsa munthu cheke cha K400,000 lero, iye n'kuchisunga m'chikwama sabata ziwiri, banki sidziwa kanthu, ndipo mizere yonse iwiri imaonetsabe ndalamayo ngati yawo. N'chimodzimodzi ndi ndalama zimene zimadulidwa zokha pa tsiku loikika, monga kubweza ngongole, ndi zimene banki imadula pakutha pa mwezi. Izi zimadziwika ndi kope la mwini bizinesi basi. Bowo lina ndi la khadi lomwelo: shopu ikachedwa kwambiri kutumiza malonda ake, chogwira chija chikhoza kumasuka chokha, zotapika n'kukwera ngati mwapatsidwa mphatso, kenako malipirowo n'kudzalembedwa pambuyo pake. Ndiye ndalama ikabwerera pa katundu amene munatengadi, musaidye. Ndipo kwa amene ali ndi mwayi wa ovadilafuti, woti banki imawalola kutapa kuposa zimene ali nazo ngati ngongole, mabanki ena amauphatikiza ku zotapika, moti mzere wa pansi umatha kuposa wa pamwamba. Kasitomala wanga wa hadiweya ali ndi akaunti yotere, ndipo chaka choyamba ankaona ngati ndi zake.

Pa faelo ya bambowa ndinatsekera nkhaniyi ndi zinthu zitatu zomata pamodzi: kasilipi ka cheke kokhala ndi nthawi ya 14:40, timalisiti tiwiri ta khadi, ndi fomu ya dandaulo. Timalisiti ta pamakinawa timafufutika msanga, makamaka tikakhala m'thumba la malaya nyengo yotentha, ndiye ndinasunga fotokope. Tenitenito mnyamata anatipempha. Ndinamufunsa kuti atani nato, iye anati akufuna akaonetse mayi ake, chifukwa Loweruka lija amalume anali atawaimbira kale foni ine ndisanafike.